Zomwe zimachitika pomwe selo lakumana ndi linzake

Funso: "Akuluakulu a m'gulu muno, ndili chaka choyamba ku Chanco ndipo mayeso a bayoloje ali pafupi. Tayiti jankishoni, desimosomu ndi gapu jankishoni ndimaziloweza, koma pakapita masiku awiri zasokonekeranso. Zonse si zomatira maselo basi? Nanga thupi limafuniranji mitundu itatu?"

Achemwali, chikukusokonezani ndi mawu oti "zomatira". Pa zitatuzo, chomwe ntchito yake yeniyeni ndi kugwira maselo kuti asalekane ndi desimosomu yokha. Tayiti jankishoni imayang'anira zodutsa mumpata wa pakati pa maselo awiri, ndipo gapu jankishoni imatsegula njira yochokera m'kati mwa selo lina kulowa m'kati mwa linzake. Njira yabwino yozigwirira m'mutu ndi kufunsa kuti chimodzi chikawonongeka, wodwala amaoneka bwanji.

Tiyambe ndi m'matumbo, chifukwa ndi momwe tayiti jankishoni imamveka bwino. M'kati mwa matumbo aang'ono muli mzere umodzi wokha wa maselo oima mondondozana. Mbali ina kuli chakudya, tizilombo ndi zonse zomwe mwameza, mbali inayo kuli magazi. Pafupi ndi pamwamba pa selo lililonse, kumbali yoyang'ana chakudya, pali msoko wozungulira selo lonselo womwe umalisokerera ku anzake onse oyandikana nalo, monga momwe pakamwa pa thumba la chimanga amasokera kuti njere zisatayike. Ulusi wa msokowo ndi mapuloteni otchedwa kilodini, mothandizana ndi ena otchedwa okuludini. Pamalo pomwe ulusi wa selo lino wakumana ndi wa selo linalo, mpata umatsekeka.

Apa ophunzira ambiri amalemba kuti "palibe chodutsa", ndipo amataya malikisi. Makilodini alipo mitundu yoposa 20. Ena amatseka ndithu, monga a m'chikhodzodzo, chifukwa mkodzo sufunika kubwerera m'magazi, kapena kilodini 5 wa m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Ena amasiya timabowo tosankha, todutsa timchere tina ndi madzi, ndipo otere ndi ochuluka m'matumbo aang'ono. Ganizani za damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba paja: khoma lake limasunga madzi, komanso lili ndi potulukira pake pomwe anakonza dala.

Msokowu uli ndi ntchito yachiwiri yomwe ine ndimaiona kuti ndi yokoma kuposa yoyamba. Mapuloteni a pa chikopa cha selo sakhala malo amodzi, amayandama n'kumayendayenda. Tayiti jankishoni ndi mpanda woletsa a kumtunda kupita kumunsi, ndi a kumunsi kukwera kumtunda. Onani zomwe zimachitika munthu wotsegula m'mimba akamwa Thanzi ORS. Kumtunda kwa selo kuli puloteni yotchedwa SGLT1, yomwe imalowetsa sodiyamu awiri limodzi ndi gulukozi mmodzi, ndipo singalowetse chimodzi popanda chinzake. Kumunsi ndi m'mbali, kuyang'ana magazi, kuli pampu yotulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri. Pampuyi imachititsa kuti m'kati mwa selo sodiyamu akhale wochepa nthawi zonse, choncho wa m'matumbo amapitiriza kulowa atakoka gulukozi. Mchere ndi shuga zikafika mbali ya magazi, madzi amazitsatira, ena kudzera m'maselo, ena kudzera m'timabowo ta kilodini tija. Mpanda uja utachoka, pampu ndi SGLT1 zitasakanikirana mbali zonse, selo likanamalowetsa mchere n'kumaubwezeranso komwe wachokera, osapititsa kanthu ku magazi.

Kolera, yemwe anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amamudziwa bwino, ntchito yake yaikulu si kuboola msokowu. Poizoni wake amachititsa selo kutulutsira kolorayidi m'matumbo osalekeza, sodiyamu n'kumatsatira kudzera mumpata wa pakati pa maselo, madzi nawonso pambuyo pake. Koma SGLT1 imakhala ikugwirabe ntchito, ndipo n'chifukwa chake madzi a mchere ndi shuga amapulumutsa munthu. Muyezo womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse limalimbikitsa ndi mamilimolo 75 a sodiyamu ndi 75 a gulukozi pa lita imodzi. Paketi ya lita imodzi isungunulidwe mu lita imodzi yeniyeni ya madzi aukhondo. Mukachepetsa madzi kapena kuwonjezera shuga kuti mwana amve kukoma, zosungunukazo zimachuluka m'matumbo kuposa m'magazi, madzi amayamba kuyenda chobwerera kudzera m'misoko yomwe ija, ndipo kutsegula m'mimba kumakula.

Tsopano desimosomu. Iyi si msoko wozungulira, ndi kadontho, ngati batani la malaya. Pakati pa maselo awiriwo pamatsala mpata wa mananomita pafupifupi 30, ndipo madzi amatha kuyenda mozungulira kadonthoko bwinobwino. Mumpatamo muli mapuloteni otchedwa desimogileyini ndi desimokolini, ochokera mbali zonse ziwiri, omwe amakolana pakati pokhapokha pali kashiamu. M'kati mwa selo aliyense amazikika pa kambale kokhuthala komwe muli desimopulakini, ndipo pa kambaleko pamamangiriridwa zingwe za keratini zoyenda m'selo monse kukafika pa mabatani ena. Ndiye munthu akakutsinani pa mkono, mphamvuyo siithera pa chikopa chopyapyala cha selo limodzi. Imalowa m'zingwe, kudutsa pa batani, kulowa m'zingwe za selo lotsatira, mpaka yagawidwa kwa maselo ambirimbiri. Mukamva funso loti "zimapezeka kuti zambiri", ganizani malo okokedwa ndi okhudzidwa: khungu, m'kamwa, kummero, mtima.

Nachi chitsanzo chomwe anamwino amakumana nacho. Khanda la masabata awiri labwera likutentha thupi, khungu lafiira kuyambira kumaso, m'khosi ndi m'khwapa, ndipo mukatikita pang'ono ndi chala, khungu la pamwamba likusupuka ngati lapsa ndi madzi owira. Mukayang'ana m'kamwa, mulibe chilonda. Gwero lake ndi bakiteriya wa sitafilokokasi, mwina pamchombo kapena m'mphuno, yemwe watulutsa poizoni woyenda m'magazi. Poizoniyo ndi lumo lodula puloteni imodzi yokha, desimogileyini 1. Nanga bwanji m'kamwa mwapulumuka? Chifukwa m'kamwa ndi m'munsi mwa khungu muli desimogileyini 3 wambiri, yemwe lumolo silimukhudza, ndipo amagwirizira yekha. Kumtunda kwenikweni kwa khungu kuli 1 yekhayekha, choncho ndi pomwe pamang'ambika. Popeza kung'ambikako n'kosazama, mwana akalandira maantibayotiki ndi madzi okwanira kuchipatala mwachangu, khungu limabwerera m'masabata pafupifupi awiri popanda zipsera. Choopsa ndi kutha madzi m'thupi, kuzizidwa ndi tizilombo tina tolowera pa khungu losupukalo.

Tembenuzani nkhaniyo. Kwa munthu wamkulu wodwala pemfigasi wa mtundu wofala, ndi chitetezo cha m'thupi mwake chomwe chaukira desimogileyini 3. Zilonda zimayambira m'kamwa, nthawi zina kwa miyezi khungu lisanaonetse kanthu, ndipo matuza ake ndi ofewa, osachedwa kuphulika. Batani ndi lomwelo, koma puloteni yowonongeka ndi ina, ndiye malo ong'ambika nawonso asintha. Matuza olimba otukumuka, osaphulika msanga, amaloza kwina, ku hemidesimosomu, yomwe ndi theka la batani logwiriza selo ku maziko a pansi pake, osati ku selo linzake.

Gapu jankishoni dzina lake limanamiza, chifukwa mpata wake ndi wa mananomita 2 mpaka 4 okha, wochepa kwambiri kuposa wa desimosomu. Mapuloteni 6 otchedwa konekisini amaima mozungulira n'kupanga kampope koboola chikopa cha selo. Selo loyandikana limapanga kake, timipope tiwirito timalumikizana, ndipo mpope wathunthu uli ndi makonekisini 12. Timipope totere timaunjikana mazanamazana pamalo amodzi. Modutsamo mumakwana timchere, gulukozi ndi timauthenga ting'onoting'ono ta m'selo, mpaka kulemera kwa madalitoni pafupifupi 1000. Mapuloteni ndi DNA sizikwana, choncho maselo amabwerekana mchere ndi moto ngati anansi, koma aliyense nyumba yake ndi yake.

Mu mtima, selo limodzi likadzuka, sodiyamu amalowa, mphamvu ya magetsiyo n'kuwolokera m'selo lotsatira kudzera m'timipopeti popanda kudikira mtsempha wa uthenga. Ndi momwe maselo a mtima amafinyira pamodzi ngati chinthu chimodzi. Minofu ya pa mkono ilibe zimenezi, ndipo n'chifukwa chake mutha kunyamula supuni pogwiritsa ntchito timinofu tochepa, ena ali phee. Chiberekero nacho chimachulukitsa konekisini 43 nthawi yobereka ikayandikira, kuti kufinya kwa apa ndi apo kusanduke matenda enieni a uchembere okankha mwana.

Timipopeti timatsekekanso. Mtsempha wa magazi wa mtima ukatsekeka, m'maselo osowa mpweya kashiamu amakwera ndipo asidi amachuluka, zomwe zimatseka magapu jankishoni. Ubwino wake ndi woti selo lomwe likufa silikokera anzake ku imfa. Kuipa kwake ndi koti magetsi amayenda mochedwa ndi mokhotakhota kuzungulira malo ovulalawo, nthawi zina n'kubwerera pomwe adutsa kale, mtima n'kuyamba kugunda mosalongosoka.

Pa mayeso samalani ndi msampha umodzi. Marilyn Farquhar ndi George Palade atafotokoza mu 1963 malumikizidwe a maselo a epitheliyamu, omwe ndi maselo oyala m'kati mwa ziwalo monga matumbo, zitatu zomwe anaona zotsatizana kuchokera pamwamba zinali tayiti jankishoni, kenako adiherensi jankishoni, kenako desimosomu. Gapu jankishoni sinali m'gulu limenelo. Adiherensi imafanana ndi desimosomu pogwira maselo, koma ndi lamba wozungulira ndipo zingwe zake ndi za akitini. Akakupatsani chithunzi cha maikulosikopu, yang'anani mpata: ngati zikopa ziwiri zakhudzana pafupi ndi pamwamba pa selo ndi tayiti, ngati zayenda limodzi mtunda wautali ndi kampata kopyapyala kofanana ponseponse ndi gapu, ndipo ngati mpata ndi waukulu, mbali zonse ziwiri pali timbale takuda totuluka zingwe, imeneyo ndi desimosomu.