Agogo akungotuluka ndi duku la paukwati: kutrena LoRA ya munthu mmodzi

"Achimwene, ndikupanga kabuku ka nthano ka ana ndipo ndikufuna agogo anga aakazi akhale mwini nkhani, koma ojambulidwa ngati katuni. Ndinatrena LoRA pa SDXL ndi zithunzi zawo 9 za paukwati wa msuweni wanga. Chithunzi chilichonse akutuluka ndi duku lomwe lija, kumbuyo kuli tenti, ndipo ndikapempha katuni ikubwera foto. Ndikachepetsa mphamvu ya LoRA nkhope sikhalanso yawo. Ndiwonjezere masitepe?"

Ayi achemwali, masitepe musawonjezere, mungoonjezera vuto. LoRA yanu, kafayilo komwe kamaphunzitsa modelo yojambula zithunzi ngati SDXL nkhope yatsopano, yaphunzira bwino kwambiri, kungoti yaphunzira zomwe munaipatsa. Iyo sidziwa kuti agogo amathera pati ndipo duku likuyambira pati. Chilichonse chomwe chikubwerezabwereza m'zithunzi zonse, ndipo inu simunachitchule dzina, imachimata pa liwu lomwe mumalemba poitanira munthuyo. Ndiye kwa iyo, agogo ndi nkhope, duku, tenti komanso kuwala kwa tsiku la ukwati, zonse mtolo umodzi.

Kuchepa kwa zithunzi pakokha si mlandu. Anthu a ku Google atatulutsa DreamBooth, njira ina yotrenera modelo, mu 2022 ankaonetsa kuti zithunzi 3 mpaka 5 zikhoza kukwana kuti modelo igwire chinthu chimodzi. Koma zithunzi 9 za tsiku limodzi, malo amodzi, chovala chimodzi, zili ngati chithunzi chimodzi chomwe mwachikopera ka 9.

Ineyo ndikanakhala inu ndikanapita kwa agogo ndi foni, masiku awiri kapena atatu osiyana, nkujambula zithunzi 16. Zapafupi za nkhope 8, ina akuyang'ana kamera, ina chammbali, ina akuseka mano panja, ina ali duu osaseka. Zoyambira pachifuwa kupita kumutu 5, ndipo za thupi lonse 3, ataima komanso atakhala pamkeka. Asinthe zovala, zina avale duku zina avule, muwajambule pakhonde, pansi pa mtengo, pafupi ndi khoma. Pewani dzuwa la masana lomwe limaika mthunzi wakuda m'maso, ndipo m'chithunzi musalowe munthu wina ngakhale dzanja la mdzukulu paphewa. Chinanso chomwe chimapweteka anthu ambiri, zithunzi zodutsa pa WhatsApp zimafinyidwa, ndipo timabokosi tija timaoneka pakhungu mukakulitsa, LoRA imatiphunziranso ngati mbali ya nkhope. Zitumizeni ngati dokyumenti kapena mukopere ndi kebulo. SDXL imagwira ntchito pa 1024x1024, ndiye chithunzi chisachepere pamenepo.

Musanajambule muwafotokozere agogo bwinobwino zomwe mukupanga. Kafayilo ka LoRA kameneka aliyense amene kamufika m'manja akhoza kutulutsa nkhope yawo ikuchita chilichonse, ndiye avomere akudziwa, ndipo inu musakaike poyera pa intaneti.

Tsopano makapushoni, apa ndi pomwe pagona nkhani. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi kafayilo kake ka `.txt` ka dzina lofanana nacho, kofotokoza zomwe zikuoneka m'chithunzicho, ndipo lamulo lake limamveka ngati lotembenuka: zomwe mukufuna zizisintha muzilembe, zomwe mukufuna zikhale za agogo mpaka kale musazilembe. Chithunzi cha pakhonde chikhoza kukhala chonchi:

```
a photo of ohwx woman, green headscarf, white blouse, sitting on a mat, brick wall, smiling
```

Liwu la `ohwx` lilibe tanthauzo, anthu amalisankha dala chifukwa modelo siliidziwa kwenikweni, ndiye limakhala thumba lopanda kanthu loti nkhope ilowemo. Mukalemba `green headscarf`, duku limapita ku mawu amenewo, silimatirira pa `ohwx`. Koma makwinya a pamphumi, kaumbidwe ka mphuno, mpata wa mano, zimenezo musazitchule, zisiyeni zilowe m'thumba muja. Ndipo taonani ndayamba ndi `a photo of`. Zimathandiza kuti ufoto wa zithunzizo ukhale pa liwu la `photo`, kuti tsiku lomwe mwalichotsa nkulemba za katuni, modelo isakakamire. Ngati mukufuna kuti m'buku lonse agogo azidziwika ndi duku limodzi, basi chitani mosemphana, liwonekere m'zithunzi zambiri ndipo musalilembe. Koma musankhe nokha, zisangochitika mwangozi ngati pano.

Za manambala sinditaya nthawi. Mu kohya_ss, pulogalamu yotrenera LoRA, dzina la foda ndi lomwe limanena kuti chithunzi chibwerezedwe kangati, ndiye `10_ohwx woman` ndi ka 10. Zithunzi 16 kuchulukitsa ndi 10 ndi masitepe 160 pa ulendo umodzi wodutsa zithunzi zonse ngati `batch size` ndi 1, maulendo 10 akupatsani 1,600. Poyambira pabwino ndi apa:

```
--network_dim=16 --network_alpha=8 --learning_rate=1e-4 --caption_extension=.txt
--max_train_epochs=10 --save_every_n_epochs=1
```

Mzere womalizawo ndi umene ndimaukonda, chifukwa umakusungirani fayilo pa ulendo uliwonse, ndipo kawirikawiri yomaliza si imene imakhala yabwino. Tengani ya ulendo wa 4, wa 6, wa 8 ndi wa 10, muziyese ndi mawu amodzimodzi komanso `seed` imodzimodzi, nambala yomwe chithunzi chimayambirapo, ndipo mupemphe chinthu chomwe m'zithunzi zanu mulibe, monga agogo ali m'bwato atavala juzi yofiira, zojambula ndi utoto wamadzi. Ngati nkhope ikufanana ndi mayi wina aliyense wachikulire, sinapse. Ngati juzi yakana kubwera, khoma la njerwa latulukira pakati pa nyanja, khungu likuwala ngati pulasitiki ndipo katuni yabwerera kukhala foto, yapserera. Mukufuna ya pakati, yomwe mwana wa m'banjamo angaloze nkunena kuti awa ndi agogo, koma bwato lilipo.

Mutrene pa SDXL yoyambirira, kenako potulutsa zithunzi mukweze LoRA yo pa modelo ya zojambula yomwe inachokera ku SDXL yomweyo. Pa modelo ya Stable Diffusion 1.5 siigwira, ndi mabanja osiyana. Mphamvu muyambire pa `<lora:agogo:0.7>` nkumakweza kapena kutsitsa pang'onopang'ono. Apa pali chinthu chomwe chimandiwawa, mamodelo ambiri a katuni amakokera nkhope ku chitsikana, amafufuta makwinya, amachepetsa mphuno ndipo khungu amaliyeretsa. Musavomere zimenezo pa agogo anu. Lembani `elderly` ndi `dark skin` m'mawu anu nthawi zonse, ndipo ngati modeloyo ikukanabe, isintheni, musamangokweza mphamvu mpaka chithunzi chisanduke foto.

Ngakhale zonsezi zitayenda, LoRA yotrenedwa pa mafoto imakupatsani agogo ofanana nkhope koma kajambulidwe kamasinthasintha, tsamba lina maso aakulu, lina aang'ono, lina mizere yokhuthala. Pa buku zimenezi mwana amaziona msanga. Njira yomwe ine ndimadalira ndi kutrena kawiri. Ndi LoRA yoyamba ija tulutsani zojambula zambiri, ngakhale 100, pa modelo imodzi ndi mawu a sitayilo amodzimodzi. Musankhemo 20 zokha zomwe zikuoneka ngati anajambula munthu mmodzi ndi dzanja limodzi, zoyang'ana mbali zosiyanasiyana, ndipo mutaye chilichonse chomwe chili ndi zala zisanu ndi chimodzi kapena diso lopotoka chifukwa cholakwika chomwe mwachilowetsa chidzabwerera pa tsamba lililonse. Zimenezo muzilembere makapushoni mwa lamulo lomwe lija, ndi liwu lina latsopano loitanira, nkutrena LoRA yachiwiri. Imeneyo ndi imene mupangire buku, chifukwa yaphunzira agogo a m'katuni, osati a pafoto.

Zithunzi za paukwati zija musatayiretu, sankhanipo ziwiri zomwe nkhope ikuoneka bwino muziphatikize pa 16 zija, ndipo tenti ndi duku muzilembe m'kapushoni.