Dzina la pa thumba la mpunga: lizitchulika ku Lilongwe ndi ku Lusaka komwe

"Achimwene, ndikufuna ndiyambe kubweretsa mpunga wa Kilombero ku Lusaka mmapaketi a 2kg ndi 5kg olembedwa dzina langa. Ndaganiza Mphatso Golden Harvest. Inu amene munayamba kale, lili bwanji dzinali?"

Asisi, musanapite kokasindikiza mapaketi imani kaye, chifukwa osindikiza sapanga khumi ayi amafuna oda yaikulu, ndiye dzina likavuta mukhala nawo mapulasitiki amenewo mpaka atha.

Geni yathuyi dzina limayenda pakamwa, osati pa pepala. Mayi wa sitolo ku Kamwala akuimbirani foni ali mkati mwa phokoso, kondakitala akulemba pa thumba ndi maka pa Intercity, wokuthandizani kukiliya katundu pa Mwami akulilemba pa fomu, kasitomala akutuma mwana kuti kagule mpunga uja wakuti. Onsewa palibe amene akhale pansi kuwerenga mawu atatu. Adzadula okha, ndipo mudzangomva akuti "ka golodeni kaja", pomwe ma golodeni mmashelefu ndi ambirimbiri, ndalama yanu yotsatsira malonda yapita kwa ena. Onani Nali ndi Sobo kumudzi, kapena Boom kuno, agogo amati bumu ndipo aliyense amadziwa chimene akunena.

Tsopano Mphatso. Kwa ife ndi dzina lokoma, koma munthu wozolowera kuwerenga chizungu akaona ph amatchula f, monga muja ena amawerengera Phiri ngati Firi, ndiye mumva Mfatso, wina Empatso, ndipo akafuna kukusakani pa Facebook alemba Mpaso osakupezani. Th ndi kh nazonso zimatero, h uja amasowa polemba. Pewaninso l ndi r ngati mungathe, ifeyo timazisinthanitsa osadziwa nkomwe, Tadala mawa ndi Tadara, Bwera ndi Bwela. Ng' wa pa ng'ombe ndi ŵ wa kadenga musayerekeze, pa foni anthu sazilemba ndipo pa adiresi ya imelo ŵ sangalowe. China chimene anthu obwera kumene sachidziwa, Chinyanja cha kusukulu kuno chimalemba c pamene ife timalemba ch, Cikondi mmalo mwa Chikondi, ndiye dzina loyamba ndi Chi lili kale ndi masipelo awiri.

Ine ndikanakhala inu ndikanasaka mawu amodzi odumpha kawiri kapena katatu, paliponse pothera a, e, i, o kapena u. Tiyese Tafika. Ta-fi-ka. Mzungu aliwerenga bwinobwino, Mtumbuka alimva, Mbemba amati twafika ndiye naye sasochera, ndipo Chibemba kuno musachiderere, makasitomala ambiri pa Soweto ndi City Market ndi omwewo. Kilombero lembani pansi pake ngati mtundu wa mpunga, limenelo simungalitenge kukhala lanu chifukwa aliyense wobweretsa wa ku Karonga amalitchula. Chimodzimodzi Zokoma, mawu ongofotokoza katundu amavuta kuwateteza pa malamulo.

Kenako liyeseni, ndipo apa mpamene pamafunika kudekha. Imbirani anthu khumi osakhala achibale, achibale amangovomera kuti musakhumudwe, ena a Chichewa ena a Chibemba, Chitonga, ndi mmodzi kapena awiri oyankhula chizungu chokhachokha. Litchuleni kamodzi basi, muwauze alilembe pa WhatsApp. Masipelo akabwera atatu osiyana dzinalo lagwa. Afunseninso ngati mchiyankhulo chawo likumveka ngati mawu otukwana kapena a maliro, izi zimachitika ndithu ndipo kasitomala sakuuzani amangosiya kugula. Pakapita masiku atatu aimbireni kuti mpunga uja ndinati dzina lake ndani? Asanu ndi awiri akakumbuka muli pabwino.

Likapambana pamenepo pitani ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa maina a bizinesi ndi zizindikiro kuno ku Zambia, akaone ngati palibe analitenga kale, ndipo mupite ndi maina ena awiri mthumba chifukwa mawu okoma ngati Tafika nkutheka wina anakuyambirirani. Mudziwenso kuti kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha pa paketi ndi zinthu ziwiri zosiyana, choyambacho sichiletsa mnzanu kuika dzina lomwelo pa mpunga wake. Ndipo pepala la ku Zambia silikutetezani mukawoloka ku Mchinji, ku Malawi nkulembetsanso pakepake. Poti mpunga mukupakira ku Malawi nkugulitsa kuno, funsani mbali zonse ziwiri kenako muziitanitsa mapaketiwo.