Chifukwa chake mtengo wa soya ku Kamwendo sutalikirana ndi wa ku Lilongwe

"Ndimagula soya pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Ndikamva kuti ku Lilongwe mtengo wakwera ndimathamangirako, koma pakangotha masiku ochepa phindu limatha. Kodi chimachititsa n'chiyani?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Malonda amene mukuchitawo akatswiri a zachuma amawatcha abitiraji, kutanthauza kugula katundu kumene akutchipa n'kukamugulitsa kumene akudula, ndipo amene amathetsa phindulo ndi inu nomwe pamodzi ndi mavenda anzanu.

Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 likugulidwa K50,000 pa Kamwendo, pomwe ku Lilongwe likugulitsidwa K60,000. Kusiyana kwa K10,000 kumeneku si phindu lanu lonse, chifukwa mwini lole atengapo K4,000, anyamata okweza ndi otsitsa K1,000, thumba lenilenilo ndi chiphaso cha pamsika K1,000, ndipo soya ngati anali ndi chinyezi akhoza kupepuka kilogalamu imodzi pasikelo ya wogula, zomwe ndi K1,200. Zonse pamodzi ndi K7,200, choncho mutsala ndi K2,800 pa thumba.

Anzanu nawonso ali ndi mafoni. Akamva za phinduli amapachika masikelo awo pafupi ndi yanu, ndipo mlimi wobwera ndi matumba awiri panjinga amayamba wafunsa kaye mtengo pa sikelo iliyonse, mpaka mukakamizika kumupatsa K52,000 kuti asapitirire. Nthawi yomweyo malole ambiri afika ku Lilongwe, soya wachuluka, ogula atsitsa mtengo kufika pa K59,000. Kusiyana kwatsala K7,000, ndalama yosakwana kulipira ulendo, ndiye malole amaima. Mitengo iwiriyi sifanana ndendende, koma siyingasiyane kwa nthawi yaitali kuposa ndalama zonyamulira katunduyo.

N'chifukwa chake mtengo wa golide ku London ndi ku New York umangosiyana pang'ono zedi. Kumeneko makompyuta amagula kwina n'kugulitsa kwina m'kanthawi komweko, ndipo ndalama zolipirira malondawo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa golideyo.

Apa ndi pamene ndikukupemphani kusamala. Abitiraji yeniyeni imafuna kuti mtengo wogulira ndi wogulitsira udziwike nthawi imodzi, pomwe inu mumagula Lolemba n'kukagulitsa Lachinayi, mtengo umene munamva uja utasintha kale. Musanapereke ndalama kwa alimi, gwirizanani ndi wogula wa ku Lilongwe za mtengo, kuchuluka kwa matumba ndiponso chinyezi chimene angalole.

Mukaona kusiyana kwakukulu kukukhala miyezi osatha, dziwani kuti pali chotchinga. Dola imadula kwambiri mumsewu kuposa ku banki chifukwa ku banki siipezeka mosavuta pa mtengo wolembedwawo, komanso malamulo amaletsa munthu wopanda chilolezo kuchita malonda a ndalama zakunja. Ku soya chotchingacho chimakhala msewu woduka nyengo ya dzinja, kusowa kwa dizilo, kapena wogula amene amalonjeza mtengo wabwino koma kulipira pakapita milungu itatu.