Mwalakwa chiyani kuti muyambe ndi "pepani"?

"Ndili kunja, ndipo kwa miyezi inayi ndakhala ndikulembera olemba anthu ntchito pa imelo ndi pa LinkedIn, koma angoti zii. Uthenga wanga ndikaumasulira umayamba chonchi: 'Pepani kwambiri kukusokonezani bwana, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa. Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizireko pa ntchito iliyonse imene ingapezeke.' Mnzanga akuti ndikumveka ngati wopemphetsa, koma ndikachotsa mawuwo ndimaona ngati ndikuchita mwano. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, nditawerenga ndinaseka, kenako manyazi anandigwira, chifukwa uthenga umenewu ndi wanga. Ndinaulembapo ine ndi zala zangazi, ndipo wanga unali wautali kuposa wanu.

Nthawi imeneyo chilolezo changa chokhalira m'dziko la eni chinali chitatsala miyezi yochepa. Ndinkakhala pakama usiku, laputopu ili pamiyendo, n'kumatumiza uthenga umodzimodzi kwa aliyense amene dzina lake linali pansi pa chilengezo cha ntchito. Ndinkayamba ndi Dear Sir/Madam ngakhale dzina la munthuyo likuoneka poyera. Kenako kupepesa. Kenako nkhani ya mavuto anga, lendi, abale amene akudalira ine. Zoti ndinagwira ntchito yosunga mabuku a ndalama zaka 6 zinkabwera m'ndime yachitatu, ndipo ngakhale pamenepo ndinkalemba kuti "ndimadziwako pang'ono". Zaka 6, ati pang'ono!

Tsiku lina mayi wina wa kukampani yopezera anthu ntchito anandiimbira. Mtima unagunda, ndinkati zatheka. Mayiyo anati awerenga uthenga wanga kawiri koma sakudziwabe ntchito imene ndimagwira, ndipo anandifunsa mafunso atatu okha: mumagwira ntchito yanji, muli ndi chilolezo chogwirira ntchito kuno, mungayambe liti. Foni yonse sinakwane mphindi zisanu. Ntchito ija sindinaipeze, anali atatumiza kale mayina. Nditadula ndinatsegula uthenga wanga n'kuwerenga mawu opepesa, ndinawapeza anayi. Yankho la mafunso atatu aja munalibe ngakhale limodzi lomveka.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu ameneyu sakundichitira chifundo ayi. Wa kampani yopezera anthu ntchito amalipidwa ndi kampani imene ikufuna wantchito, nthawi zambiri gawo la malipiro a chaka choyamba a munthu amene walembedwayo. Iyenso ali pakalikiliki kusaka munthu woyenera, ndipo akakupezani inu wadya. Ndiye mukupepesa chiyani pomulembera? Mwamubweretsera katundu amene akufuna. Apa ndipatukeko pang'ono: popeza wolipira ndi wolemba ntchitoyo, munthu akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti akupezereni malo, dabwani. Pangano nambala 181 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la chaka cha 1997, limati makampani otere asamalipiritse ofuna ntchito, ndipo ku Britain lamulo la 1973 limaletsa zimenezi kupatula m'ntchito zochepa monga za zisudzo. Akathyali amakonda kwambiri mauthenga olira ngati anga aja, chifukwa amanunkha kusimidwa.

Ndipo mawu akuti "ntchito iliyonse" ndimadana nawo tsopano. Ife timawalemba poganiza kuti tikuonetsa kuti sitisankha. Wowerengayo amamva zina: munthuyu alibe chimene akudziwa, kapena akufuna kuti ineyo ndikhale pansi ndimuganizire poyenera. Mwamupatsa ntchito m'malo momupeputsira. Ulemu uli pati pamenepo? Kwa ine ulemu weniweni mu uthenga wotere ndi kulemba dzina la munthu molondola, kusamutayitsa nthawi, ndi kumusiyira mpata wokana. Kudzigwetsa pansi si ulemu, ndipo amene anatiphunzitsa kuti kalata yofunsira ntchito izikwawa chokwawa anatilakwira, ndatero ine.

Tiukonze uthengawo

Tiyerekeze kuti nanunso ndinu wa mabuku a ndalama. Pamutu pa imelo, pa Subject paja, ikani dzina la ntchito monga lalembedwera pachilengezo, nambala yake ngati ilipo, ndi dzina lanu. Moni ukhale ndi dzina la munthuyo. Likopereni pachilengezo kuti chilembo chisasochere. Thunthu lake, m'chilankhulo chimene mukulemberacho, linene izi:

"Ndaona chilengezo chanu cha ntchito ya wothandizira wowerengera ndalama ndipo ndikufuna kufunsira. Ndagwira ntchito imeneyi zaka 6, zitatu zomaliza ndikuyang'anira malipiro a makampani oposa 80 otigulitsa katundu, pogwiritsa ntchito Sage ndi Excel. Ndili ndi chilolezo chogwira ntchito m'dziko lino mpaka Juni chaka chamawa, ndipo ndingayambe pakatha milungu iwiri. Ndaphatikiza CV yanga. Kodi mungakhale ndi mphindi khumi sabata ino kapena yamawa kuti tikambirane pafoni? Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

Taonani kumene kulimba mtima kukuchokera. Palibe pamene ndalemba kuti ndine wakhama kapena katswiri. Aliyense amalemba zimenezo ndipo palibe amene angazitsimikize. Manambala ndi mayina a mapulogalamu ndiwo akulankhula, ndipo aneni ake ndi a zinthu zochitika kale: ndagwira, ndayang'anira. "Ndingayeseko" ndi "ndikukhulupirira kuti mwina" achoke. Ulemu nawo uli malo atatu basi: dzina lake pamwamba, pempho lolembedwa ngati funso, ndi zikomo mmodzi pansi. Mmodzi, osati asanu.

Za chilolezo musazibise kumapeto kapena kuzisiya poopa kuti akuthawani. Munthu wochokera kunja adzafunsidwa basi. Ngati mukufunika kampani yoti ikuimirireni pa viza, nenani m'chiganizo chimodzi chopanda kupepesa. Ena adzakhaladi chete chifukwa cha zimenezo, ndipo palibe kalembedwe kamene kangasinthe zimenezo, koma bola kudziwiratu kusiyana n'kugwa pa intavyu yachitatu.

Mantha anu a mwano aja ali ndi maziko, chifukwa ine nditasiya kupepesa ndinapsa mbali inayo. Ndinalembera bambo wina kuti "Ndiimbireni mawa 10 koloko", opanda moni, ndikudziona ngati munthu wotsimikiza. Sanaimbe. Mudzadziwa kuti mwalumpha malire ngati chiganizo chikulamula m'malo mofunsa, ngati mukumuikira munthu tsiku lomaliza loti ayankhe, kapena ngati mwayamba ndi funso la malipiro musananene kuti ndinu ndani. Ine ndisanatumize ndimadzifunsa kuti kodi munthuyu angautumize uthengawu kwa bwana wa kampaniyo momwe uliri, osafufutamo kanthu? Ngati muli mzere umene angachite nawo manyazi, kaya wolira kaya wodzitama, ndimauchotsa.

Akakhala chete, dikirani sabata imodzi, kenako yankhani pa imelo yomwe ija kuti uthenga woyamba uzioneka pansi. Mizere iwiri yakwana: mukufunsa ngati malowo akadalipo, ndipo mukadali okonzeka kukambirana. Apa m'pamene dzanja limayabwa kulemba "pepani kukuvutitsaninso", ndipo ine mpaka lero ndimakalemba kaye kenako n'kukafufuta. Mukakumbutsa kawiri osayankhidwa, musiyeni munthuyo mulembere wina.