Kuyeza Kukula kwa Mwezi ndi Ndalama Yachitsulo

"Ndine mphunzitsi wa sayansi. Ndinamva kuti munthu atha kudziwa kukula kwa mwezi kapena dzuwa pogwira ndalama yachitsulo atatambasula mkono. Ndinayesa usiku wa mwezi wathunthu, koma ndalamayo inaphimba mwezi wonse n'kutsalanso malo ambiri. Kodi ndinalakwitsa pati?"

Zikomo aphunzitsi. Simunalakwitse kalikonse, koma mkono wa munthu ndi waufupi kwambiri pa ntchito imeneyi. Mtunda wochoka padziko pano kufika kumwezi umaposa m'lifupi mwa mweziwo pafupifupi maulendo 110, choncho chinthu chilichonse chimene chingaphimbe mwezi ndendende chiyenera kutalikirana ndi diso lanu maulendo 110 a m'lifupi mwake. Mkono wotambasula umafika masentimita 60 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo pamenepo chokwanira kuphimba mwezi ndi kanthu ka mamilimita 5 kapena 6, ngati kanjere ka nandolo. Ndalama ya masentimita 2.5 pamtunda umenewo imaoneka yaikulu kuposa mwezi kanayi ndi theka.

Ndiye ndalamayo ichoke m'dzanja. Iyezeni m'lifupi ndi rula, muimate pagalasi la zenera kapena kunsonga kwa nsungwi yozikidwa pabwalo, pa nthawi imene mwezi wathunthu sunakwere kwambiri, kuti musavutike khosi. Tsinzinani diso limodzi, muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ndalamayo itangokwanira kuphimba mwezi, kenaka wina ayeze ndi chingwe kuchoka pa diso lanu kufika pa ndalamayo.

Tinene kuti ndalama ndi ya masentimita 2.5 ndipo chingwe chakwana masentimita 270. Mukagawa 270 ndi 2.5 mupeza 108. Nambala imeneyi ndiyo yokha imene ndalama ingakuuzeni, ndipo ana asukulu ayenera kumvetsa mfundo imeneyi, chifukwa ambiri amaganiza kuti ayeza mwezi weniweniwo. Chimene ayeza ndi chakuti mtunda wa kumwezi ukuposa m'lifupi mwake maulendo 108. Kuti apeze makilomita afunika mtunda wodziwika kale, umene pakatikati ndi makilomita 384,400. Mukagawa 384,400 ndi 108 mupeza makilomita pafupifupi 3,560, pamene m'lifupi mwenimweni mwa mwezi ndi makilomita 3,474. Kusiyana kwa makilomita osakwana 90 pogwiritsa ntchito khobidi ndi chingwe, ine ndimakuona kukhala kokhutiritsa ndithu.

Chimene chimavuta ndi kudziwa pamene ndalama yakwanira. Diso silingaone bwino chinthu chapafupi ndi chakutali nthawi imodzi, kotero mukayang'anitsitsa mwezi, m'mphepete mwa ndalama mumachita mbuu, ndiponso kuwala kumasefukira m'mbali ngakhale mwezi utaphimbika kale. Zotsatira zake n'zakuti munthu amaima pafupi kuposa poyenera, ndipo mwezi umatuluka waukulu pa masamu ake. Mukaima pa masentimita 260 m'malo mwa 270, yankho limakwera kufika pafupifupi makilomita 3,700. Mankhwala ake ndi kusuzumira pa kabowo kakang'ono koboola ndi singano pa katoni, chifukwa kamachititsa kuti ndalama ndi mwezi zioneke zakuthwa pamodzi. Yezani pamene kuwala kwangozimiririka mukuyandikira, muyezenso pamene kwangoyamba kuonekera mukubwerera, mutenge pakati pake. Musachedwe, poti mwezi umasuntha ndi m'lifupi mwake monse pa mphindi ziwiri zokha.

Mwezi nawo sukhala pamtunda umodzi. Nthawi zina umayandikira kufika makilomita pafupifupi 357,000, nthawi zina umatalikira kupitirira 406,000, choncho nambala iliyonse kuyambira 103 mpaka 117 ikhoza kukhala yolondola. Mwana akapeza 80 kapena 150, pamenepo ndiye ayezenso.

Za dzuwa, chonde musalole mwana aliyense kuliyang'ana ali ndi ndalama patsogolo, ngakhale atavala magalasi akuda, chifukwa kuwala kodutsa m'mbali kumatha kuononga maso. Booleni kabowo ka milimita imodzi kapena awiri pa katoni, mufulatire dzuwa, kuwala kodutsa pabowopo kugwere papepala loyera limene lili pamthunzi ndipo layang'anizana bwino ndi dzuwa. Kuwalako kumapanga kabwalo kozungulira, kamene ndi chithunzi cha dzuwa. Ikani ndalama papepalapo, mutalikitse katoni mpaka kabwaloko kafanane ndi ndalamayo. Pa ndalama ya masentimita 2.5 mudzapezanso mtunda wa masentimita pafupifupi 270, chifukwa dzuwa ndi mwezi zimaoneka zolingana kumwamba, n'chifukwa chake mwezi umatha kuphimba dzuwa pa kadamsana. Mukagawa mtunda wa kudzuwa, umene ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndi 108 mupeza pafupifupi 1.39 miliyoni, ndipo kumeneko ndiko kukula kwa dzuwa m'lifupi. Bowo likakula, kabwaloko kamakulanso ndi m'lifupi mwa bowolo, choncho muzichotsera mamilimita amenewo musanagawe.