Chiwongoladzanja chofunika kuti 10,000 pamwezi ifike 420,000 m'zaka zitatu

"Ndikufuna ndizisunga 10,000 mwezi uliwonse kwa zaka zitatu kuti pomaliza ndidzakhale ndi 420,000. Ndifune malo opereka chiwongoladzanja cha maperesenti angati? Ine ndawerengera ndapeza 5.6 pachaka, kodi ndalondola?"

Ayi achimwene, 5.6 yachepa kwambiri, ndipo ndaona pomwe yachokera. Mwatenga 60,000 yomwe ikuperewera, mwagawa ndi 360,000 yomwe mudzaike nokha pa miyezi 36, mwapeza maperesenti 16.7, kenako mwagawa ndi zaka zitatu. Masamu amenewo akanayandikira zoona 360,000 yonse mukanaiika tsiku loyamba. Koma ndalama zanu zizilowa pang'onopang'ono. Ngati muziika kumapeto kwa mwezi, 10,000 yoyamba idzabereka kwa miyezi 35, pomwe yomaliza sidzabereka ngakhale tsiku limodzi. Mukaphatikiza zonse, ndalama iliyonse ikhala ikugwira ntchito pafupifupi miyezi 17 ndi theka basi, yomwe ndi theka la nthawi yomwe mumaganiza. Mukadalira 5.6 mudzathera pa 391,000 kapena chapomwepo, ndipo mudzazindikira nthawi itatha kale. N'chifukwa chake ndati ndifotokoze bwinobwino.

Njira yowerengera ndi iyi, pomwe FV ndi ndalama yonse yomwe mudzakhale nayo pomaliza, P ndi ndalama ya pamwezi, n ndi chiwerengero cha miyezi, i ndi chiwongoladzanja cha pamwezi:

```
FV = P * ((1 + i)^n - 1) / i
```

Vuto ndi lakuti i ali pamwamba komanso pansi, ndiye pa miyezi yambiri chonchi simungamutulutse payekha ngati mmene timachitira ndi masamu ena. Timamupeza poyesa manambala mpaka titamupanikiza pakati.

Poyambira musangolota. Sungani m'mutu kuti 10,000 yoyamba ibereka miyezi 35, yachiwiri 34, kutsika mpaka 0, ndipo miyezi yonseyi pamodzi ndi 630. Phindu lomwe mukufuna ndi 60,000, kutanthauza ma 10,000 asanu ndi limodzi. Gawani 6 ndi 630, mupeza maperesenti 0.95 pamwezi. Nambala imeneyi imakhala yokwererapo nthawi zonse, chifukwa sinawerengere zoti chiwongoladzanja nachonso chimabereka chinzake. Choncho yankho lili pansi pake pang'ono.

Tiyese 0.9 pamwezi, amene mu masamuwo timalemba 0.009. Zikutuluka 422,939, tapitirira. Tiyese 0.8: zikutuluka 415,287, taperewera. Kusiyana kwa awiriwa ndi 7,652, ndipo kuchoka pa 415,287 kukafika pa 420,000 pakufunika 4,713. Mukagawa 4,713 ndi 7,652 mupeza pafupifupi 0.62, ndiye kuti yankho lili pa 0.62 ya mtunda wochoka pa 0.8 kupita pa 0.9. Apo ndi pa maperesenti 0.862 pamwezi. Mukaibwezera m'masamu aja mupeza 420,010, kusiyana kosadetsa nkhawa. Kubwezera kumeneku musamakudumphe, ndi komwe kumaonetsa ngati mwaphonya penapake.

Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angolemba izi:

```
=RATE(36,-10000,0,420000)
```

Chizindikiro chochotsera pa 10000 n'chofunika, chifukwa ndalamayo ikutuluka m'thumba mwanu pomwe 420000 ikubwerera kwa inu. Mukachiiwala mumalandira `#NUM!` m'malo mwa yankho.

Tsopano 0.862 ndi ya pamwezi, koma osunga ndalama amalengeza ya pachaka, ndipo pali katchulidwe kawiri. Mukangochulukitsa ndi 12 mupeza maperesenti 10.34: iyi ndi yomwe mufune ngati akunena ya pachaka koma amaiwonjezera ku ndalama zanu mwezi ndi mwezi. Ngati nambala yawoyo ndi phindu lenileni la chaka chonse, kuberekana konse kuli momwemo, mufune 10.85. Afunseni mosapita m'mbali kuti nambala yawo ndi iti mwa ziwirizi, chifukwa 10.5 ndi yokwanira pa katchulidwe koyamba koma ndi yoperewera pa kachiwiri.

Tsiku loika ndalama nalonso lili ndi mphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukamaika kumayambiriro kwa mwezi, 10,000 iliyonse imapeza mwezi wina wobereka, ndipo chofunika chimatsika kufika pa 0.817 pamwezi, pafupifupi 9.8 pachaka. Mu RATE muja mungowonjezera `,1` pambuyo pa 420000.

Manambala onsewa ndi a chiwongoladzanja chotsala m'manja mwanu. Ngati pali msonkho wodulidwa pa phindu mwezi uliwonse, tinene gawo limodzi mwa magawo asanu, gawani 10.34 ndi 0.8, ndipo mupeza kuti mufunika malo opereka pafupifupi 12.9. Onaninso ngati nambala yomwe akulonjezani ikhale yosasintha kwa miyezi yonse 36. Ikadzatsika pakati, werengeraninso ndi miyezi yotsala, ndipo ndalama zomwe zasonkhana kale muziike pamalo pa 0 mu RATE, nazonso ndi chizindikiro chochotsera.