Tchati changa cha nyenyezi akuti ndi Bucket, zikutanthauza chiyani?

"Ndinabadwira kuno ku Mzuzu pa 26 Januwale 1990. Pulogalamu yapafoni yalemba kuti tchati changa ndi Bucket, cha mnzanga wa ku Luwinga yalemba Splash. Amene mukuzidziwa ndimasulireni."

Achemwali, siyani kaye mizere yofiira ndi yabuluu ili pakatiyo, muone pamene zinthu khumi zakhala pa bwalolo: Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti asanu ndi atatu, kuyambira Mercury mpaka Pluto, osawerengera dziko lathuli. Zina monga Chiron ndi North Node musaziwerengere, zimasokoneza maonekedwe. Kagawidwe kameneka anakatchukitsa ndi Marc Edmund Jones wa ku Amereka m'chaka cha 1941, ndipo anaika maonekedwe asanu ndi awiri.

Bwalo lonse ndi madigiri 360, ndipo limagawidwa m'zizindikiro 12 monga Scorpio ndi Capricorn. Zonse khumi zikakhala m'theka limodzi, osapitirira madigiri 180, theka linalo lili mbee, imeneyo ndi Bowl. Okhulupirira nyenyezi amati mwini wake amadzidalira koma amamva kuti pali china chikusoweka, ndiye amachifunafuna mbali yopanda kanthuyo. Zisanu ndi zinayi zikaunjikana uku, chimodzi n'kukhala chokha kutsidya, yasanduka Bucket, ndipo chokhachokhacho ndi chigwiriro cha ndowayo.

Tsiku lanulo zinali chonchi. Pluto anali pa madigiri 17 a Scorpio, Mars kumapeto kwa Sagittarius. Mercury, Venus, Saturn, Uranus ndi Neptune onse anathithikana mu Capricorn. Dzuwa linali pa madigiri 6 a Aquarius, Mwezi uli pafupi nalo chifukwa linali tsiku la mwezi watsopano. Mukawerenga kuchokera pa Pluto kufika pa Dzuwa mupeza madigiri pafupifupi 80 basi. Jupiter yekha ndiye anali kutsidya, kumayambiriro kwa Cancer, moyang'anizana ndi gulu lonselo. Chigwiriro chanu ndi ameneyo. Ena akaona gulu lopanikizana chotere, losafika madigiri 120, amalitcha Sling, koma kamasuliridwe sikasiyana kwenikweni.

Pa tchati chotere omasulira amayambira pa chigwiriro, amati mphamvu za zinazo zimatulukira pamenepo. Jupiter amamugwirizanitsa ndi kukula, maphunziro ndi kupatsa, pamene Cancer ndi za pakhomo ndi abale. Ndiye angakuuzeni kuti khama ndi kudziletsa kwa Capricorn kuja mumakuthera posamala anthu anu. Chikhala chiphunzitso cha mwambo wa nyenyezi chimenecho, sayansi sinatsimikizepo kuti maonekedwewa amaumba khalidwe la munthu.

Chimene mapulogalamu sanena n'chakuti ndowayi si yanu nokha. Aliyense wobadwa tsiku limenelo, kaya ku Karonga kaya ku Nsanje kaya kunja, ali nayo, pakuti malo a mapulaneti m'zizindikiro sasintha ndi mudzi. Uranus ndi Neptune amayenda pang'onopang'ono kwambiri, anakhalira limodzi mu Capricorn zaka zingapo mpaka kukumana mu 1993, ndipo Saturn anali momwemo chaka chonse cha 1990. Komanso Mercury satalikirana ndi Dzuwa kuposa madigiri 28, Venus kuposa 48. Mu Januwale Dzuwa likafika dera lomwelo, zonse zimangounjikana. Ine ndimaona kuti apa anthu amakokomeza, kutenga chinthu cha m'badwo wonse ngati chinsinsi cha munthu mmodzi.

Chosintha msanga ndi Mwezi, umene umayenda madigiri pafupifupi 13 patsiku. Wobadwa pa 11 Januwale chaka chomwecho, mwezi uli wathunthu, ali ndi Mwezi mu Cancer limodzi ndi Jupiter. Kutsidya kuli ziwiri tsopano, moti pulogalamu ina imulembera Seesaw, ina Bucket ya zigwiriro ziwiri. N'chifukwa chake mapulogalamu amatsutsana, malire ake aliyense amadula pake.

Chanuchanu ndi nyumba imene Jupiter wagweramo mwa nyumba 12, magawo ena a bwalolo oimira mbali za moyo, ndipo imeneyo imafuna ola lobadwira. Ascendant, malo a bwalolo amene amatuluka kum'mawa pa ola lobadwira pomwe nyumbazo zimayambira, amasintha chizindikiro pafupifupi maola awiri alionse, ndiye "kunali m'mawa" ya amayi siikwanira. Ola likapezeka, onetsetsani kuti pulogalamu yaika Mzuzu pa UTC+2. Jupiter m'nyumba yachinayi amamasulira za pakhomo, m'nyumba yakhumi za ntchito ndi mbiri.

Za mnzanuyo, Splash ndi pamene mapulaneti amwazikana bwalo lonse, kawirikawiri m'zizindikiro zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, popanda mpata waukulu wopanda kanthu. Amati munthu wake amagwira zambiri, vuto n'kumaliza. Koma ngati ndi wamsinkhu wanu ndikukayika, chifukwa Saturn, Uranus ndi Neptune aja mu Capricorn amaletsa kumwazikana kwenikweni. Awerenge yekha khumi zija, akapeza zitatu kapena zinayi pamalo amodzi ndi magulu ena apa ndi apo, chake chayandikira ku Splay. Atumize tsiku lake muno tione.